Adyo wodutsa pampanda: mnyamata wa Tim Winton ndi aneba ake

Mlembi amene wasankha munthu wamanyazi kuti akhale mpangankhani wamkulu amakhala wadziika yekha pampanipani. Nkhani imayenda ndi zochita komanso zolankhula, pomwe munthu wamanyazi luso lake lonse ndi kuzemba zinthu ziwirizi. Akamva aneba akuseka panja amayamba wasuzumira pawindo, kudikira kuti alowe m'nyumba zawo, kenako ndiye n'kutuluka kukataya zinyalala. Wina akamupatsa moni amayankha ndi liwu limodzi, maso ali ku zala zakumiyendo. Nanga mlembi adzaza bwanji masamba ndi munthu wotereyu?

Alembi ambiri amathawira m'mutu mwa mnyamatayo. Amatiuza kuti mtima wake unkagunda, m'manja munkachita thukuta, usiku sankagona. Ndiyeno tsiku lina mnyamata uja amangolimba mtima, n'kukaodira pakhomo la neba, n'kulankhula mawu okoma, ndipo anthu onse amayamba kumukonda. Nkhani yotere ndi yosavuta kulemba, koma wowerenga saikhulupirira. Aliyense amene anakhalapo wamanyazi, kapena amene analerapo mwana wamanyazi, amadziwa kuti manyazi satha tsiku limodzi, ndiponso satha chifukwa choti mwini wake waganiza kuti athe.

Pali nkhani ina yaifupi imene inapeza njira ina. Mutu wake ndi "Neighbours", ndipo anailemba ndi Tim Winton wa ku Australia. Winton anabadwa mu 1960 mumzinda wa Perth, kumadzulo kwa dzikolo. Masiku ano amadziwika kwambiri ndi buku lake la Cloudstreet la mu 1991, ndipo mphotho ya Miles Franklin, imene ndi yaikulu kwa olemba mabuku ku Australia, waipata kanayi. Koma nkhani ya anebayi inatuluka mu 1985, m'buku la nkhani zazifupi lotchedwa Scission, iye asanapitirire zaka 25. Ndi yaifupi zedi, yoti munthu angaiwerenge akudikira kuti madzi a tiyi awire. Mulibe mpangankhani ngakhale mmodzi amene wapatsidwa dzina, ndipo mukaifufuza simupezamo anthu awiri akucheza mawu ndi mawu monga timazolowerera m'nkhani zina. Komabe nkhani yonse ikukamba za munthu amene akuphunzira kulankhulana ndi anzake.

Mnyamata ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene, asamukira m'kanyumba kakang'ono mumsewu wina wodzaza ndi anthu ochokera ku Ulaya. Kumanzere kwawo kuli banja la ku Makedoniya, kumanja kuli bambo wamasiye wa ku Polandi. Awiriwa anakulira m'madera a kunja kwa mzinda kumene nyumba ndi zotalikirana, kumene neba wabwino ndi amene saoneka komanso samveka. Mkazi amadzukira ku ntchito kuchipatala. Mwamuna amatsala pakhomo, akulemba kafukufuku wake wa kuyunivesite wokhudza mmene mabuku a nthano zazitali anasinthira m'zaka za m'ma 1900, ndipo madzulo ndiye amaphika.

Winton sanena paliponse kuti mnyamatayu ndi wamanyazi. Amangomukhazika pawindo, ndipo ife timaona tokha. Pawindopo mnyamata amaona zonse: madenga a anzake, malo ogulitsira magalimoto akale, mitengo ya mikuyu ya kupaki kumene amakayendetsa galu wawo. Amamvanso zonse: kulavula, kuchapa, kuthirira mbewu kusanache. Bambo wa ku Polandi amatha tsiku lonse akukhomera misomali m'matabwa n'kumaizulanso. Banja la ku Makedoniya limangokuwa, moti pamatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti banja latsopanoli lizindikire kuti anthuwo sakuphana ayi, akungocheza. Kamnyamata ka pakhomopo, kometedwa mpala, kamakodza mumsewu. Mnyamata wathu amanyansidwa, koma satuluka kukanena kanthu.

Apa mpamene ndimaona kuti Winton ankawadziwa bwino manyazi. Timakonda kuwajambula ngati khalidwe losalakwa, la munthu wofatsa amene akungofuna womugwira dzanja. Koma manyazi ambiri amayenda ndi kunyada. Munthu amene amaopa kuweruzidwa amafulumira kuweruza anzake, ndipo amachita zimenezi ali pamalo pomwe iwo sangamuyankhe. Mnyamata wa Winton ndi wophunzira, ndipo sukuluyo amaigwiritsa ntchito ngati chishango. Chimene chikumupweteka n'choti akudziwa kuti nayenso akuonedwa. Aneba amadabwa kuti banjali limadzuka dzuwa litakwera, ndipo iye amamva m'thupi kuti sakusangalala ndi mwamuna amene amatsala pakhomo mkazi ali ku ntchito. Palibe amene wamuuza zimenezi. Akuziwerenga pankhope zawo, ndipo mwina akuwonjezeranso zake. Katswiri wa za maganizo wa ku yunivesite ya Stanford, Philip Zimbardo, analemba m'buku lake la mu 1977 kuti mwa anthu a ku Amereka amene anawafunsa, pafupifupi 40 pa 100 alionse ankadziona kuti ndi amanyazi. Ambiri mwa iwo anzawo sankawadziwa n'komwe kuti ndi amanyazi. Munthu wotere ukamuona panja umangoti ndi wamatama.

Kuti timvetse amene ali kuseri kwa mipandayo, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ku Australia kunali anthu ongopitirira pang'ono mamiliyoni 7, m'dziko lalikulu kwambiri. Boma linaopa kuti anthu ochepa chonchi sangathe kuliteteza kapena kulitukula, choncho chaka chomwecho linakhazikitsa unduna woona za anthu olowa m'dziko, nduna yake yoyamba Arthur Calwell. Kuyambira mu 1947 sitima zinayamba kubweretsa anthu amene nkhondo inawasiya opanda kwawo, ochokera m'misasa ya ku Ulaya. Onse pamodzi anafika pafupifupi 170,000, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la anthu a ku Polandi. Aliyense ankasaina kuti agwira ntchito zaka ziwiri kulikonse kumene boma lingamutumize, kaya kukonza njanji, kaya kudula mitengo, kaya kuchapa m'chipatala, posatengera kuti kwawo anali mphunzitsi kapena mmisiri. Pambuyo pake kunabwera a ku Itale ndi a ku Girisi ambirimbiri. Anthu a ku Makedoniya ena anathawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Girisi ya 1946 mpaka 1949, ena anachokera ku Yugosilaviya zaka zotsatira, ndipo kuzungulira Perth ambiri anatchuka ndi ulimi wa ndiwo zamasamba.

Winton salemba mbiri imeneyi m'nkhani yake, ndipo satchula ngakhale dzina la mzindawo. Owerenga ake oyamba ankaidziwa kale. Koma ife tikaidziwa timaona chinthu chimodzi chimene n'chosavuta kuchiphonya: mnyamatayu ndi mbadwa ya dzikolo, chilankhulo chake ndicho cha boma, komabe mumsewu umenewu mlendo ndi iyeyo. Amene anabwera pa sitima ndiwo eni mudzi.

Kusintha kumayamba m'nyengo imene masamba amayoyoka, yomwe ku Australia imakhala kuyambira Malichi mpaka Meyi. Banjali laganiza zochotsa zinyalala kuseri kwa nyumba, kugaula, kuthira manyowa n'kubzala anyezi, kabichi, nyemba ndi masamba ena. Taonani kuti mnyamata sanatulukire aneba. Watulukira dimba. Koma dimbalo lili pafupi ndi mpanda, ndipo munthu amene wawerama ndi khasu sangathawire pawindo. Aneba amabwera pampanda n'kuyamba kulangiza: mbewu zitalikirane chonchi, dothi muunjikire apa, pansi muphimbire kuti chinyezi chisathawe. Palibe amene wawapempha.

Zimene mnyamata amachita apa ndizo fungulo la nkhani yonse. Amakwiya nako kulowereraku, koma malangizowo amawasunga bwinobwino. Zinthu ziwirizi Winton amaziika pamodzi, m'chiganizo chimodzi, ndipo sachotsapo chimodzi kuti mnyamatayo aoneke wabwino. Mlembi wosazama akanamuchititsa kumwetulira n'kuthokoza, ndipo nkhani ikanafera pomwepo. Munthu wamanyazi weniweni sathokoza tsiku loyamba. Amapsa mtima kuti amuona akulephera, koma usiku akagona amakumbukira kuti anyezi aja anawathithikizadi.

Chimene dimba lachita ndi kubweretsa chinthu chachitatu pakati pa anthu awiri. Chomwe wamanyazi amaopa kwambiri ndi kuyang'anizana maso ndi maso popanda chokamba, pamene nkhani ndi iyeyo: ndiwe yani, umachita chiyani, n'chifukwa chiyani uli pakhomo masana ano. Koma pakakhala kabichi, onse awiri amayang'ana kabichiyo. Ngakhale chilankhulo chikhale chosiyana, dzanja likhoza kuloza, likhoza kuyerekeza kutalika kwa mapando, likhoza kukana. Ofufuza anaziona kale zoterezi. Mu 1950 Leon Festinger ndi anzake awiri anatulutsa zimene anapeza m'nyumba za ophunzira apabanja a pa sukulu ya MIT ku Amereka. Anapeza kuti anthu ankapalana ubwenzi kwambiri ndi wa khomo loyandikana nalo kuposa wa khomo lachitatu kapena lachinayi, ndiponso kuti okhala pafupi ndi masitepe, pamene anthu amadutsapo tsiku ndi tsiku, ankadziwana ndi anthu ambiri a nyumba zam'mwamba. Sikuti anthu a pamasitepewo anali ochezeka mwachibadwa. Malo ndiwo ankawakumanitsa mobwerezabwereza popanda wina kukonza. Mlembi amene akufuna kuti wamanyazi wake alankhule ayenera kuyamba wamupezera malo otere, komanso ntchito yomukhazika pamenepo nthawi yaitali.

Woyamba kuwoloka si mnyamata. Mkazi wake ndiye amene amalimba mtima n'kusisita mutu wa kamwana kometedwa kaja, ndipo mayi wa ku Makedoniya, wathupi lalikulu ndi mikono yamphamvu, amamupatsa thumba la adyo woti abzale. Kenako banjali limamanga khola la nkhuku. Aneba akungoonerera, kholalo limagwa. Bambo wa ku Polandi amadutsa pampanda popanda woitana, n'kulimanganso. Amalankhula akugwira ntchitoyo, koma awiriwa samva ngakhale liwu limodzi.

Ndime ya kholayi ndi yoseketsa, koma ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Chinthu chimene mnyamata ankachiopa kuyambira tsiku loyamba chachitika: walephera poyera, anthu onse akuona, pa ntchito imene mwamuna aliyense wa mumsewuwo amaidziwa. Ndipo dziko silinathe. Palibe amene wamuseka mpaka kumusamutsa. M'malo mwake misomali ndi matabwa aja, zimene iye ankaziona pawindo ngati misala ya nkhalamba, ndizo zamupulumutsa. Winton safotokoza zimenezi. Anatisonyeza bambo wokhoma misomali kumayambiriro, n'kutisiya timuseke limodzi ndi mnyamatayo, kuti tsopano manyazi atigwire tonse.

Palinso china. Kuyambira pa adyo ndi khola, banjali lili ndi ngongole. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo wolandira amadziwa kuti tsiku lina ayenera kubweza. Kwa munthu wamanyazi ngongole yotere ndi mwayi, chifukwa imamupatsa chifukwa chopitira pampanda chimene sichichokera mumtima mwake. Safunika kuganiza mawu otsegulira macheza. Kabichi wakhwima, ndipo n'zachidziwikire kuti mutu umodzi uyenera kupita kwa amene anapereka adyo. Pofika nyengo yozizira, ya Juni mpaka Ogasiti monga kwathu kuno, awiriwa amadzipeza akubweza kumwetulira. Amapereka makabichi, n'kulandira nkhuni ndi kachasu wotchezedwa ku zotsalira za mphesa. Sanakhale pansi n'kugwirizana kuti tsopano tiyambe kukonda aneba. Amangozindikira zitachitika kale, ndipo Winton amasamala kwambiri kuti alembe choncho.

Koma kunyada kuja sikunathe, kwangosintha malo. Makolo awo akabwera kudzacheza n'kumaponya maso odabwa kuseri kwa mpanda, awiriwa amadzimva apamwamba. Dzulo ankanyoza aneba, lero akunyoza makolo awo chifukwa chosamvetsa aneba. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa imaletsa nkhani kusanduka ulaliki. Mnyamatayu sanakhale woyera. Wangosamukira mbali ina ya mpanda, ndi khalidwe lake lomwe lija.

M'nyengo yozizirayo amaweta abakha, akuluakulu osalira aja, amene amangoima pamvula n'kumanenepa, pakuti kumeneko mvula imagwa nthawi yozizira. Kukayamba kufunda, banja la ku Makedoniya limawaphunzitsa kupha ndi kusosola abakhawo. Onse amakhala pazigubu ndi pazipika, nthenga zili mbwee, nthunzi ya madzi otentha ili tolo, akukamba nkhani zimene sakumvana bwinobwino. Ndipo pamenepo banja lachinyamatali limadzipeza likukuwa.

Kwa ine pampondachimera pa nkhani ya kulankhula ndi pamenepa, ngakhale kuti nkhaniyo imapitirira. Kukuwa kuja kumene kumayambiriro ankakuyesa ndewu, tsopano kukutuluka pakamwa pawo. Mnyamata sanaphunzire Chimakedoniya, ndipo aneba sanawongole Chingelezi chawo. Chimene waphunzira ndi msinkhu wa mawu a pamalopo. Mudzi uliwonse uli ndi kalankhulidwe kake kamene sikalembedwa m'buku: mokweza bwanji, moyandikana bwanji, kudulana mawu n'kololedwa kapena ayi, kuseka kumabwera pati. Mlendo akhoza kudziwa mawu onse koma n'kukhalabe kunja chifukwa sanagwire zimenezi. Munthu wamanyazi amalankhula motsitsa kuti akalakwitsa asamveke. Kuti akuwe, ayenera kuiwala kaye kudzimvetsera, ndipo chimene chamuiwalitsa ndi manja odzaza nthenga.

Kuchokera apa nkhani imathamanga. Mkazi amapezeka kuti ndi woyembekezera, mimba imene sanaikonzekere, ndipo msewu wonse umadziwa msanga. Wa kagolosale amamupatsa chokoleti, amayi a ku Itale amabwera ndi maina a mwana, amayi a ku Girisi amamuimitsa mumsewu, kumugwira pamimba n'kulosera kuti ndi mwamuna. Mayi wa kumanzere amaluka tizovala ta khanda, ndi kachipewa komwe. Winton amanena kuti mtsikanayo zimamusangalatsa komanso kumusowetsa mpweya, akuthokoza komanso kunyansidwa, zonse nthawi imodzi. Amene anakhalapo panyumba za mdadada ku Ndirande kapena ku Kawale sangafunse tanthauzo lake. Aneba amene amakudziwa ndi omwewonso amene sakupatsa mpata.

Ngakhale bambo wa ku Polandi sanasanduke mngelo. Akumanga galaja ya magalimoto awiri pomwe alibe ndi imodzi yomwe, ndipo phokoso la hamala lafika potopetsa. Madzulo ena banjali lapangana kuti lipite kukadandaula. Asananyamuke, bamboyo amatulukira ndi wilibala yodzaza zidutswa za matabwa zoti asonkhere moto. Dandaulo limafera m'kamwa. Tikaganiza bwino, aka kanali koyamba kuti mnyamatayu akonze yekha zopita kukalankhula ndi neba mawu enieni, ndipo mawuwo anali odandaula. Winton amamutseka pakamwa ndi mphatso. Wowerenga akhoza kuseka, koma aonenso kutalika kwa ulendo umene mnyamatayu wayenda: wa pawindo uja sakanalota n'komwe zokagogoda kwa munthu.

Mwana amabadwira kunyumba, mzamba alipo. Matenda atayamba, mnyamata amasiya mabuku ake n'kuthamangira telefoni, ndipo kenako amangozungulirazungulira osadziwa chochita. Akutuluka kukatenga nkhuni chakumadzulo, amaona nkhope pamipanda yonse iwiri, n'kuziwerenga: khumi ndi ziwiri. A ku Makedoniya amamubayibitsa, akufuula mawu amene iye akuganiza kuti ndi mafuno abwino. Usiku wonse umathera pa kubereka. Mwana atalira, mnyamata amapita kukhomo lakuseri, n'kupeza kamzere ka anthu a maso atulo kakuyang'ana ndi kukuwa mokondwera. Iye amayamba kulira, ndipo mlembi amatseka ponena kuti mabuku onse aja amene ankawafufuza sanamukonzekeretse zimenezi.

Kumayambiriro iye ndiye ankaonerera anthu ali kuseri kwa galasi, akuwawidwa mtima ndi maso awo. Kumapeto maso omwewo ali pa iye, pa nthawi imene sangathe kudzibisa, ndipo sabwerera m'nyumba. Koma onani kuti ngakhale apa salankhula. Mlembi wina akanamupatsa mawu othokoza, mwina kakulankhula kakang'ono ka pakhonde. Winton akudziwa kuti munthu amene wakhala chete chaka chonse ndi miyezi sangasanduke mlaliki m'bandakucha umodzi. Chimene chasintha n'choti walola kuonedwa.

Wolemba Chichewa amene angafune kuyesa nkhani yonga imeneyi adzakumana ndi vuto limene Winton analibe. Mnyamata wa ku Australia akhoza kutha miyezi isanu ndi umodzi osapereka moni, anthu n'kumangoti ndi khalidwe lake. Kwathu wofika kumene amene wadutsa amayi ali pampopi osanena kuti "mwadzuka bwanji" amakhala wapalamula tsiku lomwelo, ndipo pofika madzulo dzina lake lamveka kale kuti ndi wodzimva. Ndiye wamanyazi wathu moni amapereka ndithu, mwina mopitirira muyezo, akuwerama ndi kuwomba m'manja. Manyazi ake amaonekera moni ukatha, pamene bambo a nyumba yoyandikana anena kuti "takhalani pansi achimwene, kwanu n'kuti?" iye n'kuyankha kuti wasiya madzi pamoto. Amabisala mkati mwa ulemu, pomwe wa Winton amabisala kuseri kwa windo. Kungokopera mnyamata wa ku Australia n'kumuika ku Zingwangwa kungabale munthu amene kulibe. Chimene chingatengedwe ndi kamangidwe kake: pakhale malo amene sangawapewe, ntchito ya manja, kulephera kumodzi poyera, ndi kanthu kolandira kamene kayenera kubwezedwa.

Nkhaniyi ili ndi zofooka zake, ndipo sindikuona chifukwa chozibisira. Choyamba ndi mathero. Kubadwa kwa mwana ndi chida champhamvu kwambiri, choti chikhoza kufewetsa mtima wa wowerenga aliyense ngakhale nkhani itakhala yosalembedwa bwino. Chikanakhala kuti adyo, khola ndi abakha sizinagwire kale ntchito yawo, misozi ya kumapeto ija ikanakhala yobwereka. Chiganizo chomaliza nachonso chimalongosola zimene tinali titaziona kale tokha. Mlembi amene watikhulupirira kuyambira pachiyambi akuoneka ngati wachita mantha pang'ono pomaliza kuti mwina sitinamve. Palinso nkhani ya mkazi. Iye ndiye amagwira ntchito, ndiye woyamba kukhudza mwana wa neba, ndiye amagwiridwa pamimba ndi anthu osawadziwa, ndiye amamva ululu usiku wonse, koma phunziro limapita kwa mwamuna.

Chofooka chachikulu chili pa aneba. Timawaona ndi maso a mnyamata okha, ndipo amadziwika ndi mitundu yawo: Mpolishi, Amakedoniya, amayi a ku Itale, amayi a ku Girisi. Ndi aphokoso, owolowa manja, odziwa za nthaka, ndipo ntchito yawo m'nkhanimo ndi kuchiritsa munthu wophunzira. Wina akhoza kuyankha kuti mnyamata ndi mkazi wake nawonso alibe maina, ndiye onse ndi ofanana. Yankho limeneli silikwanira, chifukwa za mumtima mwa awiriwa timauzidwa, pomwe za mumtima mwa enawo sitiuzidwa. Achewa amene ali ku Joni kapena ku Mangalande adzazindikira mbali imene iwo aima m'nkhani yotere. Iwo ndiwo a kuseri kwa mpanda, amene akamacheza Loweruka madzulo eni dziko amayesa kuti ayambana, ndipo amadziwa kuti nawonso amakhala ndi mantha awo pamene akupereka mbale ya chakudya kwa neba amene sanawayankhepo moni.

Bambo wa ku Polandi ndiye amandivuta kwambiri. Ngati anafika ndi sitima za pambuyo pa 1947, monga anzake ambiri a msinkhu wake, ndiye kuti pofika nthawi ya nkhaniyi wakhala m'dzikolo zaka zoposa makumi atatu, mkazi wake anamwalira, ndipo akalankhula oyandikana naye samumva. Amakhoma misomali n'kuizula, amamanga galaja yopanda galimoto, amadikira kuti khola la anthu ena ligwe kuti apeze chifukwa chodutsira pampanda. Zizindikiro zonse zimene tagwiritsa ntchito potchula mnyamata uja kuti ndi wamanyazi zilinso pa iye, ndipo njira imene amafikira anzake ndi yomweyo ya matabwa ndi wilibala. Winton amamugwiritsa ntchito katatu konse, pa misomali, pa khola ndi pa nkhuni, koma salowa m'nyumba mwake ngakhale kamodzi.